Mphaka akafa, mwana timuuze chiyani?

Abale anga a ku Mzuzu ndi inu muli kuno ku Joni, pali chinthu chimene timalakwira ana athu osadziwa. Mphaka wa pakhomo akafa, akulu timamutaya m'dzenje la zinyalala mwana asanadzuke, kenaka n'kumuuza kuti wathawa. Mwanayo amatha masiku akuitana kuseri kwa nyumba, akusiya kansomba pa mbale, kudikira chinthu chimene sichidzabwera.

Kuno ku Cape Town, m'nyumba zimene ambirife timagwiramo ntchito, nkhani yake ndi ina. Mphaka akadwala mosachiritsika, dokotala wa ziweto amam'baya jakisoni kuti afe mosamva ululu. Pali makampani otentha mitembo ya ziweto, ndipo phulusa limabwerera kwa eni ake m'kabokosi. Bungwe la SPCA la kuno linayamba kale mu 1872, choncho anthu anazolowera kuona chiweto ngati wa m'banja. Kwathu mphaka ndi wogwira makoswe, ndipo ena amamukayikira ndi zaufiti. Mwana akamulirira timati, "Ukulira chiyani, wafa munthu?"

Za phulusazo sindikuzisirira, ndalama zake ndi za ufa wa miyezi. Chimene ndatolapo n'chakuti mwana amauzidwa zoona. Komanso ife tili ndi chathu chimene kuno chimasowa: timadziwa kupepesa, kukhala pansi ndi wofedwa mpaka mtima utsike. Vuto n'lakuti mwamboyu sitiufikitsa kwa ana.

Mwana wanga wa zaka 6 amakhala ndi agogo ake ku Geisha. Mphaka wawo, Kambuku, anapezeka akutuluka dovu, akusanza ndi kunjenjemera, ndipo sanachedwe kufa. Izi ndi zizindikiro za tameki, mankhwala a makoswe amene kuno amawatcha Two Step. Nayi kalata imene ndinatumiza pa WhatsApp kuti agogo amuwerengere atamukhazika pamiyendo:

"Mwana wanga, pepa kwambiri. Kambuku wafa. Anadya mankhwala opha makoswe, thupi lake linasiya kugwira ntchito. Sakumvanso kupweteka, njala kapena kuzizira, ndipo sadzabweranso. Si iwe unachititsa. Tsiku lija unam'thamangitsa pa ndiwo silinamuphe ayi, iwe unkamusamala bwino. Ndikukumbukira mmene ankagonera kumapazi ako m'nyengo yozizira ya Juni, ndi mmene ankakuchingamirira ukamachokera kusukulu. Lira, mwana wanga, si zauchitsiru. Inenso ndalira. Mawa agogo akumba dzenje kuseri kwa nyumba, iwe ukasankhe duwa loti ubzalepo. Undijambulire Kambuku pa pepala, ndidzaone Loweruka tikamayankhulana. Ine ndili bwino, agogo alinso bwino. Ndine mayi ako."

Chiganizo chilichonse m'menemo chili ndi ntchito yake. Ndinalemba kuti "wafa", osati "wagona" kapena "wapita". Mwana wosakwana zaka 5 samvetsa kuti imfa ilibe pobwerera, ndipo ngakhale wa zaka 6 kapena 7 amatenga mawu mmene alili. Mukati wagona, akhoza kuyamba kuopa tulo. Mukati wapita, mwana amene mayi ake anapita ku Joni aziyembekeza kuti abwera pa Khirisimasi, kapena aziopa kuti mayi akenso sadzabwera. N'chifukwa chake ndinatsindika kuti ine ndili bwino.

Ana a msinkhu umenewu amaganiza kuti mawu awo kapena mkwiyo wawo ungaphe. Mlanduwo uchotseni mwachindunji, potchula chinthu chenicheni chimene akudziimba nacho. Musanene kuti, "Tikupezera wina." Iye akulira Kambuku, osati mphaka aliyense. Dikirani apemphe yekha.

Poika mtembo, akulu ndiwo agwire, atavala mapepala apulasitiki m'manja. Dzenje likhale lakuya kufika m'chiuno, kutali ndi chitsime, chifukwa galu akafukula mphaka wofa ndi tameki nayenso amafa. Dovu ndi chizindikironso cha chiwewe. Ngati mphakayo anasintha khalidwe kwa masiku angapo, n'kuluma kapena kukanda munthu asanafe, tsukani balalo ndi sopo pa madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani kuchipatala, monga ku Mzuzu Central, tsiku lomwelo.

Mwana akamabwereza funso lomwelo kakhumi, muyankheni chimodzimodzi, ndi mmene amamvetsera. Koma ngati patatha milungu ingapo akukanabe kudya, akukodzera pogona kapena akukana kupita kusukulu, kambiranani ndi aphunzitsi ake kapena achipatala.

Inu amene ana anu ali kumudzi, musangotumiza ndalama. Uthenga wotere ukakupezani, lembani mizere yochepa, yoona, ndipo pemphani wamkulu amuwerengere ali naye pafupi.