Uli pa pulobeshoni? Lemba ngati ufunsa, osati ngati uyambana

Mwe anzanga amene mwangoyamba nchito, ndiziwa mantha amene muli nao. Mwezi wasila, mwafola, mwapenda ndalama, ndipo mwaona kuti pali china chamene chasowa. Mufuna kukamba, koma mumtima muli liu limodzi chabe: nikali pa pulobeshoni, nikatsegula kamwa azanipisha. Ine ndinapitamo mu mantha amenewo, ndiye lekani ndikuuzeni mwamene zinayendela.

Ndinayamba nchito pa 3 Juni 2024 mu sitolo ina yogulitsa simenti, malata ndi penti mu tauni muno mu Kabwe. Dzina lake tisiye. Ndinali nditakhala zaka ziwili chabe pa nyumba, ndikukhala mu kachipinda ka kuseli kwa nyumba ya amalume ku Highridge, mwana wanga ali kwa ambuye ake ku Bwacha. Kalata ya nchito inati pulobeshoni ya miyezi itatu, malipilo a pansi K2,080 kuikapo ma alawansi. Tinali kutsegula 07:30, kuvala 18 awazi, kuchokela pa Mande kufikila pa Chiwelu, na ola limodzi la kudya. Mu mphepo ija ya Juni ndinali kuchoka ku Highridge kukali mdima, kubwela kwada, malaiti kulibe. Pofola, ovataimu sinaoneke olo ngwee imodzi.

Amalume anasebenza zaka zambili ku njanji ndipo anali mu yunioni. Usiku wina ndinawadandaulila, ndili wokalipa, ndati mailo nizamuuza manija vonse vili ku mtima. Iwo anangoti, "Iwe mwana, khala pansi. Uziwa maawazi angati amene akudyela?" Sindinaziwe. "Manje uzakamba chani? Mkwiyo sulipilidwa. Chamene chilipilidwa ni nambala."

Tinatenga kabuku ka mwana wa sukulu na bolopeni. Tsiku lililonse ndinali kusebenza maola asanu ndi anai na hafu, kuchulukitsa na masiku asanu ndi limodzi, akwana maola 57 pa sabata. Lamulo la nchito la dziko lino, Employment Code Act ya 2019, likamba kuti sabata ya nchito ni maola 48, ndipo opitilila apo alipilidwa ola limodzi na hafu. Malipilo a pa ola uwapeza ukagawa malipilo a pansi na 208. Kwa ine inali K10 pa ola, ndiye ovataimu K15. Maola 9 pa sabata, masabata anai, maola 36, ndalama K540. Imeneyo inali ndalama ya unga na nsapato za mwana.

Manje apa ndiye pofunika kumvetsa, chifukwa anthu ambili amanamizana. Ena akuuzani kuti wa pa pulobeshoni alibe ufulu uliwonse. Ena akuuzani kuti sangakugwileni. Onse awili anama.

Choona ni ichi. Gawo 27 la lamulo lija lilola pulobeshoni ya miyezi yosapitilila itatu, ndipo abwana angaonjezele ina yosapitilila itatu. Nthawi isanathe, afunika kupima kasebenzedwe kanu na kukuuzani zotuluka. Akapeza kuti simuyenela nchitoyo, angakuchotseni na notisi ya maola 24 chabe. Ndiye mantha anu si a chabe, chitseko chili pafupi zoona. Koma lamulo limodzimodzilo, pa gawo 52, likamba kuti pochotsa munthu pafunika chifukwa chomveka, kuti kupeleka dandaulo pa abwana sichifukwa chochotsela munthu, ndipo nkhani ikafika ku khoti ni abwana afunika kuonetsa kuti anachita mwa chilungamo. Ovataimu, tsiku lopumula, NAPSA, zonsezi siziyembekeza kuti mukonifemedwe.

Vuto ni yakuti palibe bwana amene azalemba kuti "takupisha chifukwa unadandaula". Azalemba kuti simunakwanitse nchito. Mnzanga wina amene tinayamba naye tsiku limodzi anakalipa pa kaunta, makasitoma alipo, anati sitolo ino ni ya akawalala. Patapita masiku awili anamupatsa kalata ya mizele itatu. Pa ovataimu anali na zoona, koma analibe pepala lililonse loonetsa kuti anafunsapo, pamene abwana anali na mboni zinai zakuti anatukwana. Kalata yolembedwa bwino isebenza ziwili: ipempha ndalama yanu, ndipo isiya chizindikilo cha tsiku. Mukachotsedwa sabata imodzi pambuyo pa kalata yaulemu, mulibe chenjezo lililonse m'mbuyomo, aliyense woyang'ana nkhaniyo azafunsa kuti nanga kulephela nchito kwayamba liti.

Amalume anandiyalila njila zitatu. Yoyamba, kufunsa na kamwa, pa mbali, kwa supavaiza, ndiyeno kulemba mu kabuku tsiku na yankho lake. Yachiwili, kukhala zii, kupitiliza kulemba maola tsiku na tsiku, na kudandaula pulobeshoni ikasila. Imeneyi si njila ya amantha iyai, chifukwa nkhongole ya malipilo siola mu miyezi itatu, ndipo mukakonifemedwa notisi ya maola 24 ija yatha mphamvu. Yachitatu, kulemba manje manje. Kusankha kudalila zinthu ziwili: kodi mungapilile mpaka liti, nanga nkhaniyo ni yotani? Ndalama ingayembekeze. Koma ngati bwana akugwilani thupi, kapena akutumani pa makina oopsa opanda zovala zozitetezela, musayembekeze kalenda.

Ine ndinayamba na kamwa. Pa 3 Julayi ndinafunsa supavaiza, anayankha kuti, "Iwe sebenza chabe, ukali mwana pano." Ndinalemba mau amenewo mu kabuku. Amalume anati yembekeza Sepitembala. Ine ndinakana, chifukwa miyezi itatu ya K540 inali kundiwawa, ndipo kusukulu kwa mwana anali kufuna vinthu. Anapukusa mutu nati, "Chabwino, koma tizalemba pamodzi."

Kalata yanga yoyamba inali mapeji awili. Amalume anaipitamo na bolopeni ngati akusadza mtengo. Anachotsa "mutidyela masuku pamutu". Anachotsa "tonse tili kudandaula", nati usakambile anzako amene sanakutume, akafunsidwa azakukana ndipo uzaoneka ngati woyambitsa chipolowe. Anachotsa "nizapita ku Leba", nati mfuti siionetsedwa pa moni. Anachotsa nkhani ya chimbudzi na ya yunifomu, nati kalata imodzi, nkhani imodzi. Inatsala ni iyi, ndinailemba mu Chizungu koma mu chinenelo chathu imveka motele:

"Kwa a Manija. Ndinayamba nchito pa 3 Juni 2024 ndipo ndili wokondwa kuphunzila nchito ino. Ndipempha thandizo kuti ndimvetse malipilo anga a Juni. Kuchokela pa 3 kufika pa 29 Juni ndinasebenza 07:30 mpaka 18:00, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, monga buku losainamo lionetsela. Mwa kupenda kwanga akwana maola 57 pa sabata, kutanthauza maola 36 opitilila pa masabata anai. Pa peyisilipu sindinaone ovataimu. Ngati ndalakwitsa kupenda, chonde ndiongoleni. Ngati ni zoona, ndipempha kuti ikonzedwe pa malipilo a Julayi. Ndingakondwe kulandila yankho pofika pa 19 Julayi. Zikomo."

Onani kuti mulibe liu lakuti kuba, mulibe dzina la supavaiza, mulibe kuopseza. Chiganizo chilichonse chili na chinthu chamene munthu angatsegule buku na kuona. Ndipo mau aja akuti "ngati ndalakwitsa ndiongoleni" apatsa abwana khomo lotulukila popanda manyazi, angangoti akaunti anaiwala.

Ndinapanga makope awili. Pa 8 Julayi ndinapeleka imodzi, ndinapempha mlembi asaine na kulemba tsiku pa yanga. Anakana. Ndiye madzulo ndinajambula kalatayo na kuitumiza pa foni ya manija na mau akuti nayi kalata ndinasiya mu ofesi lelo. Kopi yanga, peyisilipu na kabuku zinagona ku Highridge, osati mu lokala ya ku nchito, chifukwa tsiku lopishidwa sakupatsani mpata wosakila mapepala.

Masabata otsatila anali owawa. Manija analeka kundiyankha moni. Anandichotsa pa kaunta kundipeleka ku yadi ya simenti. Ndinaziwa kuti manje akundiyang'ana, ndiye ndinali kufika 07:15, sindinakane nchito iliyonse, foni inali mu thumba. Mukalemba kalata yotele, musawapatse chifukwa cheni cheni, chifukwa kuchedwa kuwili chabe kukwana kufuta zonse zimene mwamanga.

Yankho lolemba silinabwele. Koma pa malipilo a Julayi panaoneka K300 yolembedwa kuti alawansi, ndipo mu Ogasiti anayamba kutipatsa hafu ya tsiku pa sabata mosinthana. K240 yotsala sindinaione. Kodi ndinapambana? Pang'ono chabe. Amalume mpaka lelo akamba kuti ndikanayembekeza, ndipo mwina ali na zoona, chifukwa zikanatheka kundipatsa notisi ija.

Pa 2 Sepitembala miyezi itatu inakwana. Kalata yokonifema sinabwele, yoonjezela pulobeshoni sinabwele. Supavaiza anali kukamba kuti ukali pa mayeso mpaka abwana akakumbuke. Apa mvetsani bwino: gawo 27 likamba kuti abwana akapanda kukulembelani, muŵelengedwa kuti mwakonifemedwa kuchokela tsiku limene pulobeshoni inasila. Pulobeshoni ya chaka, kapena ya "mpaka tikaone", mulibe mu lamulo. Lembani tsiku lanu pa khoma, muziŵelenga mweka.

Nanga zikavuta, mwapatsidwa notisi pambuyo pa kalata? Landilani pepala mwaulemu, pemphani chifukwa cholembedwa na zotuluka za kupimidwa kwanu. Musasaine kalata yakuti mwaleka mweka, olo akuuzeni kuti ni yothandiza mbili yanu, chifukwa mukasaina mwavala khomo lanu. Tengani mapepala anu onse mupite ku Leba Ofesi muno mu Kabwe, kumene amaitana abwana kuti mukambilane. Zikakanga pali khoti yoona za nchito, ndipo kumeneko nthawi yopelekela dandaulo ni yofupika. A Legal Aid Board athandiza amene alibe ndalama ya loya. Koma musanamizidwe, milandu imatenga nthawi, ndipo kambili chimene mungapeze ni ndalama, osati kubwelela pa nchito.

Ine ndikali mu sitolo ija. Mwezi watha kunabwela kamtsikana katsopano, tsiku lofola ndinakaona kakupenda ndalama kawili kawili, nkhope yagwa. Sindinakauze kuti lemba, sindinakauze kuti khala zii. Ndinakagulila kabuku na bolopeni, ndati, "Mwaiche, yamba lelo. Nthawi yongena, nthawi yochoka. Vinangu tizakamba mwezi ukasila."