Mtengo wa ula umanenedwa munthu asanakhale pamphasa

Pamitengo yamagetsi pafupi ndi msika wathu amatapo mapepala akuti kwabwera sing'anga wochokera kutali amene akuombeza mwaulere. Ndikawaona mtima umandiwawa, chifukwa ndikudziwa kumene ulere umenewu umathera. Polowa salipiritsadi, koma munthu amatuluka atauzidwa kuti wamangidwa, kuti kumasula kwake n'kwa mbuzi, ndiponso kuti akapanda kubwera Lachisanu zimuonekera.

Ine ula ndinaphunzira kwa malume anga ku Ntchisi, ndipo ndinawanyamulira thumba zaka zisanu ndi ziwiri asanandilole kugwira nsupa. Mlendo akafika, ankamuimika pabwalo n'kumuuziratu mtengo pamaso pa womuperekeza. Ankati munthu akakhala pamphasa n'kuulula zakukhosi, sakhalanso ndi mphamvu zokana mtengo, ndiye kumutchulira ndalama nthawi imeneyo n'chimodzimodzi kumupisa m'thumba. Tsiku lina ndinauza bambo wina, amene anaombezetsa za ng'ombe zake zosowa, kuti adzabwerenso kudzamva zotsala. Malume sanandikalipire pamaso pa mlendo. Madzulo anandituma wapansi kumudzi kwa bamboyo, mtunda wautali ndithu, kukanena kuti palibe chotsala, zonse anazimva kale. Ndinabwerako usiku miyendo itatupa.

Mtengo wanga ndimauyezera pa ganyu ya tsiku limodzi. Pakali pano ndi K3,000, ndipo ndinaukweza komaliza kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Novembala 2023. Wobwera pagalimoto ndi wobwera wapansi amalipira chimodzimodzi. Nkhani ikhale ya nkhuku yobedwa kapena ya banja, mtengo susintha, pakuti ndikayamba kulipiritsa molingana ndi kukula kwa mantha, ndidzayamba kuwakulitsa ndine. Chipondamthengo ndi nkhani ina, chimaperekedwa pokhapokha ngati ndikukakumbadi mizu. Alipo amene amanenerera ngati akugula tomato, ena amalonjeza kudzatumiza pa Mpamba osatumiza, komanso ena amaderera ula wanga poti ndi wotchipa. Zimandinyansa, koma kwa wosowadi ndimalandira nsengwa ya chimanga, ndipo wonena kuti akatenga katapila ndimamubweza.

Chovuta kwenikweni ndi munthu wankhawa. Chaka chatha kunabwera mayi wina amene mwamuna wake anali ku Joni, miyezi inayi osaimba foni, osatumiza kanthu. Anali atapita kale kasanu kwa mmodzi wa a mapepala aja n'kugulitsa mbuzi ziwiri. Wotere amadziwika msanga: funso limodzi amalifunsa katatu mosinthasintha mawu, ndipo amatulutsa ndalama zina usanamalize kuyankhula. Ndinamuombezera kamodzi, n'kumuuza zimene ndinaona popanda kuonjezera. Anafuna dzina la amene wamulodza. Ndinakana. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, komanso dzina likatuluka pamphasa limakaotcha nyumba ya nkhalamba yosalakwa. Ndinamulangiza kuti apite kwa ankhoswe, afufuze kudzera kwa anyamata akwawo amene ali ku Joni komweko.

Patapita masiku atatu anabweranso, K5,000 ili m'manja.

“Agogo, taonaninso, mwina zasintha.”

“Mayi, nkhani imodzi sindiombeza kawiri mwezi usanathe. Kwa ankhoswe munapita?”

Anali asanapite. Ndinamupatsa mpando panja, osati pamphasa, tinacheza kwa kanthawi, ndalama zake n'kubwerera nazo kukagulira ana ufa. Ndikanalandira, akanapeza mpumulo wa usiku umodzi, kenako nkhawa n'kudzukanso, ndipo akanazolowera kuti tulo timagulidwa kwa ine. Pakutha kwa mwezi anatumiza mwana kudzandiuza kuti bamboyo wapezeka, ntchito inamuthera ndipo ankachita manyazi kuimba foni chimanjamanja.

N'chifukwa chake pali mawu amene sindiwatulutsa: “mukachedwa”, “ndaona china koma sindinena lero”, ndi tsiku loti munthu adzabwerenso. Nambala za foni za alendo sindisunga, kuopa kuti tsiku la njala ndingayesedwe kuwaimbira. Wodwala ndiye sindimusunga n'komwe. Wotsokomola kupitirira masabata awiri, woonda, wotuluka thukuta usiku, ndimamuuza kuti akayezetse makhololo kuchipatala cha boma, kumene mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere, ndipo tsiku limenelo sindimulipiritsa.