Za Kuweruza Jekete pa Chithunzi

M'mwezi wathawu mwana wathu wachisamba anaitanidwa kukayesedwa ntchito ya ukalaliki ku ofesi ina ya ku City Centre, mu mzinda wa Lilongwe. Popeza kumeneko munthu salowa ndi malaya okha, iye anatsikira ku msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene amagulitsa zovala za kaunjika. Anavala jekete lakuda lonyezimira, nadzijambula pa lamya, natitumizira chithunzi ndi mau akuti titumize ndalama msanga. Ndalamazo zinali za mtedza wathu wa chaka chino, ndipo chovala cha kaunjika ukalipira, kubweza nkovuta. Tsono tinapita nacho chithunzicho kwa telala wachikulire wa pamudzi pathu, ndipo zimene tinaphunzira pakhonde pake tifuna kukuuzani.

Poyamba mkuluyo anachikana chithunzicho. Munthu akadzijambula yekha amatukula mkono, ndipo phewa ndi kolala zimasendera, kotero kuti jekete labwino lioneka loipa, loipanso nkubisika. Analamula kuti mnyamata ajambulidwe ndi mnzake poyera, ataima chilili, manja ali pansi, batani lapamwamba lokha litamangidwa, ndipo zithunzi zikhale zitatu: chakumaso, chapambali ndi chakumbuyo.

Zitafika, anayamba ndi mapewa. Msoko wolumikiza mkono wa jekete uyenera kukhala pamene fupa la phewa lithera. Ukapitirira, thonje la m'kati limalendewera ndipo pansi pake nsalu imalowa ngati dzenje. Ukaperewera, mnofu wa mkono umatukumula nsalu. Pa jekete lakudalo msoko unapitirira ngati zala ziwiri, ndipo dzenje linaoneka mbali zonse. Apa telala anapukusa mutu, pakuti kuchepetsa mapewa ndiko kuphwasula jekete lonse, ndipo mtengo wa ntchitoyo ungapose wa jekete limene.

Kenaka anationetsa chithunzi chapambali. Kolala ya jekete iyenera kugona pa kolala ya malaya, kusiya kachigawo ka malaya kaonekere pamwamba. Koma apa inaima patali ndi khosi, moti munthu akadalowetsapo chala. Mpata wotere utanthauza kuti jekete linadulidwira munthu wa msana ndi khosi losiyana ndi la wovalayo. Suchoka ndi kusita, ndipo matelala okhoza kuukonza ndi owerengeka. Tinakumbukira mau a makolo akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo tinamuuza mnyamata kuti alivule.

Iye anadandaula, koma anayesa lina lotuwa, losakopa maso, natumizanso zithunzi zitatu. Ife tinaseka poona mikono yake itatsika kufikira pa chala chachikulu, tinkati ili ndiye laipiratu. Telala sanaseke. Msoko wa phewa unakhala pa fupa penipeni, kolala inagwira khosi bwino lomwe. Za mikono anati iyenera kuthera pamfundo ya dzanja, pamene timamanga wotchi, kuti malaya atulukire ngati theka la inchi. Kufupikitsa mkono ndi ntchito yaing'ono. Kutalikitsa ndiko kovuta, chifukwa nsalu yopindira m'kati kawirikawiri imangokwana inchi imodzi, ndipo pa chovala chakale mzere wa popinda pakale umatsala.

Pomaliza anawerenga makwinya. Makwinya otuluka pa batani kunka mbali zinayi, monga njira ziwiri zopingasana, anena kuti jekete lathina pamimba. Opingasa kumsana, kuchokera phewa kunka phewa linzake, anena kuti lathina kumbuyo. Koma otsika kuchokera pamwamba kunka pansi anena kuti nsalu yachuluka. Ndipo tisawasokoneze ndi makwinya a m'belo, amene amangoti balala popanda kochokera, ndipo amatha ndi simbi. Jekete lotuwalo linali ndi makwinya otsika awiri kumsana, cham'chiuno. Zimenezi telala amachepetsa pa misoko ya m'mbali. Lothina ndilo lovuta, pakuti nsalu yoonjezera ilipo yochepa.

Tinatumiza ndalama madzulo omwewo, ndi zina zapadera za telala wa ku Old Town, amene anafupikitsa mikono nachepetsa m'chiuno. Mnyamata anakalowa mu ofesi muja atavala chomuyenera, ndipo yankho la ntchito tikuliyembekezabe.

Tsono inu amene ana anu ali ku tauni, chithunzi chotere chikakupezani, musayambe ndi mtundu kapena kunyezimira kwa nsalu. Yang'anani phewa ndi khosi poyamba. Izi zikalakwika, sungani ndalama zanu. Zikakhala bwino, mikono yaitali ndi chiuno chachikulu musiyireni telala.