Ndani ayenera kubweretsa umboni, ndipo wochuluka bwanji?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mwayamba maphunziro a zamalamulo, pali mafunso awiri amene oyamba kumene amakonda kuwasakaniza. Loyamba ndi lakuti ndani ayenera kusenza katundu wobweretsa umboni m'khoti. Lachiwiri ndi lakuti umboniwo ulemere bwanji kuti woweruza akhutire.

Tiyambe ndi wosenza. Mu 1934 ku England, Reginald Woolmington, mnyamata wogwira ntchito pafamu, mkazi wake Violet anamuchokera n'kubwerera kwa amayi ake. Iye anamutsatira atabisa mfuti m'chikhoti. Mfutiyo inalira, Violet n'kufa. Woolmington ananena kuti ankangofuna kumuopseza kuti adzipha yekha akapanda kubwerera, ndipo mfuti inalira mwangozi. Jaji anauza anthu wamba othandiza kuweruza aja kuti popeza zadziwika kuti iye ndiye anawombera, zili kwa iyeyo kusonyeza kuti inali ngozi. Anamugamula kuti anyongedwe.

Mu 1935 bwalo lalikulu la apilo la dzikolo linafafaniza chigamulocho. Silinanene kuti nkhani ya mnyamatayo ndi yoona ayi. Linati jaji anasenzetsa katundu munthu wolakwika. Boma ndi limene liyenera kusonyeza kuti anapha, ndiponso kuti anapha dala. Woimbidwa mlandu akangodzutsa chikayiko chomveka, basi, ngakhale oweruza asamukhulupirire kwenikweni. Mfundo imeneyi ndi yathunso kuno, poti malamulo athu a milandu tinatengera ku England, ndipo gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi likuti munthu atengedwe kuti ndi wosalakwa komanso ali ndi ufulu wokhala chete. (Tizikumbukira zimenezi ndalama zikasowa m'kalasi, pamene timafulumira kuuza mwana kuti atitsimikizire kuti sanabe.)

Pali malo ochepa pamene katunduyu amasamuka. Amene akunena kuti mutu wake sunkayenda bwino pochita cholakwacho ayenera kusonyeza yekha, komabe pa muyeso wopepuka umene ndikufotokoza m'munsimu.

Pa milandu ya pakati pa anthu, monga ya ngongole kapena ya chipukuta misozi, wodandaula ndiye amasenza zimene akunena. Koma wodandauliridwa akabweretsa mfundo yakeyake, ayisenze yekha. Akanena kuti ngongole anatengadi koma anabweza, asonyeze ndi iyeyo lisiti kapena mboni.

Tsopano kulemera kwa umboni. Pa mlandu waupandu boma liyenera kufika posasiya chikayiko chomveka. Sikuti lichotse chikayiko chilichonse chimene munthu angalote, koma chimene munthu wanzeru angachipezere chifukwa mu umboni womwewo. Pa mlandu wa pakati pa anthu timangoika nkhani ziwiri pa sikelo. Ya wodandaula ikapendeketsa sikelo ngakhale pang'ono, wawina. Sikelo ikaima pakatikati waluza, chifukwa katundu unali wake. Apa m'pamene mafunso awiri aja amakumana.

Ena a inu mukukumbukira O.J. Simpson, katswiri wa mpira wa ku America. Mu 1994 mkazi wake wakale, Nicole Brown Simpson, anapezeka ataphedwa pamodzi ndi Ron Goldman ku Los Angeles. Mu Okutobala 1995 Simpson anapezeka wosalakwa. Maloya ake anakayikitsa mmene apolisi anatolera ndi kusungira magazi, komanso chilungamo cha wapolisi wina amene anachitira umboni. Mabanja a ophedwawo nawonso anamusumira, ndipo mu Febuluwale 1997 khoti lina linapeza kuti iye ndiye anachititsa imfazo, n'kulamula kuti alipire madola 33.5 miliyoni.

Ophunzira ambiri amati khoti limodzi linalakwitsa. Ine ndimati zigamulo ziwirizi zikhoza kuima pamodzi bwinobwino. Loyamba linangonena kuti boma silinafike pa muyeso wake, osati kuti munthuyo ndi woyera. Lachiwiri linafunsidwa funso lopepuka, lakuti nkhani yokhulupirika kuposa inzake ndi iti. Komanso umboni sunali wofanana ndendende. Pa mlandu woyamba Simpson sanaime m'bokosi, koma pa wachiwiri anayenera kuyankha mafunso, ndipo panatuluka zithunzi zomuonetsa atavala nsapato za mtundu wofanana ndi zimene zinasiya mapazi a magazi pamalopo.

Chifukwa cha kusiyanaku ndi chimene chili pachiswe. Pa mlandu wa ngongole, khoti likalakwitsa wina ataya ndalama, kaya ndi uyu kaya ndi uyo, choncho palibe chifukwa chokondera mbali. Pa mlandu waupandu mbali imodzi ndi boma, ndi apolisi ake ndi ndende zake, ndipo kulakwitsa kumatsekera munthu wosalakwa. Malamulo anasankha dala kulolera kuti olakwa ena apulumuke. Mtengo wake umagwera anthu ngati banja la Violet, limene linaona Woolmington akutuluka m'ndende chaka chomwecho cha 1935.