Hedifoni musaitaye musanamve mbali yake

Misonkhano yambiri ya aphunzitsi masiku ano ikuchitikira pa Zoom, ndipo mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti, “Aphunzitsi, sitikukumvani!” Ambiri zikatero amangoti hedifoni yafa. Kwa ife akumudzi chigamulo chimenechi n'chodula, pakuti hedifoni yatsopano imafuna ndalama yogulira ndi ya thiransipoti yopitira kutauni. Ine ndimayamba ndafufuza pamene mawu akuthera.

Mwezi wathawu mphunzitsi mnzanga wa masamu ankamva anzake bwinobwino pa kompyuta ya mu ofesi, koma iwo osamumva. Tidayamba ndi kamutu kachitsulo ka kumapeto kwa waya. Kakakhala ndi mizere iwiri yozungulira, kamangonyamula mawu opita m'makutu. Ka mizere itatu ndiko kamanyamulanso mawu a maikolofoni. Kake kadali ndi itatu, ndipo kabatani kotsekera mawu ka pa waya kadali kotsegula.

Kenaka tidailumikiza ku foni n'kujambula uthenga wa mawu pa WhatsApp. Apa mpofunika kusamala, chifukwa foni ili ndi maikolofoni yakeyake imene ingakupusitseni. Choncho m'malo molankhula, mnzangayo adakanda maikolofoni ya hedifoni ndi chikhadabo. Pomvetsera, kukandako kudamveka mwamphamvu: hedifoni idali yamoyo. Kukadamveka modukaduka pogwedeza waya, tikadadziwa kuti waya waduka m'kati, makamaka pafupi ndi kamutu paja.

Tidabwerera pa kompyuta, koma osatsegula Zoom. Mu Windows tidapita pa Settings, System, Sound, pansi pa Input. Pamenepo pali kamzere kamene kamavina munthu akamalankhula. Sikadagwedezeke. Titayang'ana kumbuyo tidapeza mabowo awiri, lobiriwira la zomvera ndi lapinki la maikolofoni. Hedifoni idali m'bowo lobiriwira, lomwe sililandira mawu a wolankhula. Chosowa chidali kawaya ka mphanda kogawa kamutu kamodzi kukhala tiwiri. Msonkhanowo adaumalizira pa foni, ndi hedifoni yomweyo.

Pa laputopu ya bowo limodzi, kamzere kaja kakamavina koma anzanu osakumvani, zida zilibe mlandu. Onani ngati mwadina Join Audio, ndiponso ngati chizindikiro cha maikolofoni chilibe mzere wofiira wodutsa pakati. Kamuvi ka pambali pake kamaonetsa maikolofoni imene Zoom yasankha. Nthawi zina imakhala ina, osati ya hedifoni. Zikakanikabe, pitani pa Settings, Privacy, Microphone, pakuti Windows imatha kumana mapulogalamu chilolezo chokumverani.

Zonsezi, kupatula za pa Zoom, sizidya bandulo ndipo sizitenga mphindi khumi. Ziyeseni dzulo lake, osati anzanu atakhala kale pansi kukudikirani.