Abambo ake ndi alongo awo a amayi anga

Kwathu ku Malindi munthu sakuuza chibale mwachindunji. Ukafunsa kuti mtsikanayu ndi ndani wanu, yankho limabwera chonchi: “Uyu? Abambo ake ndi alongo awo a amayi anga.” Basi, zina uzionere wekha.

Ine ndimatenga pepala, kapena kungolemba ndi chala pamchenga, ndipo ndimayambira kumapeto kwa chiganizo, pa mawu akuti “anga”. Wolankhulayo ndimamuika pansi. Pamwamba pake ndimaika amayi ake, nkulumikiza ndi mzere wotsika, kusonyeza kholo ndi mwana. Kuchokera pa amayiwo ndimajambula mzere wopingasa kupita kwa mlongo wawo, poti obadwa bere limodzi amakhala pa mzere umodzi.

Pa mawu akuti mlongo mpofunika kudekha. Mlongo wa mwamuna ndi mkazi, mlongo wa mkazi ndi mwamuna, ndiye uyenera kudziwa kaye kuti ndi mlongo wa yani. Apa ndi wa amayi, choncho ndi mwamuna: amalume, amene anzathu achiyao amati mjomba. Pansi pa amalumewo ndimatsitsa mzere wina nkuika mtsikana uja. Anthu anayi, mibadwo iwiri, ndipo mtsikanayo ndi msuweni wa wolankhula. Ngati wolankhulayo simukumuona, mwangowerenga mawu ake pa WhatsApp, chiganizocho sichikuuzani ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Pamenepo siyani osalemba kanthu.

Tsono sinthani pang'ono: “Amayi ake ndi ang'ono awo a amayi anga.” Chithunzi chikuoneka chomwecho, koma mtsikanayo salinso msuweni. Ndi mchemwali, wa mbumba imodzi ndi wolankhula. Kuno kumene mtundu umatsata kuchikazi, nkhani ya munda wa agogo kapena ufumu ikabuka, iyeyu amawerengedwa, pamene mwana wa amalume kwawo nkomwe kunachokera amayi ake. Asuweni amaseleulana, mpaka kutchulana “akazi anga”, ndipo makolo ankalola kuti akwatirane. Ana a akazi apachibale ayi, zimenezo ndi malaulo.

Nchifukwa chake mawu akuti ankolo ndi kazeni, amene tawazolowera m'tauni, amandinyansa pang'ono. Amalume ndi abambo aang'ono onse angokhala ankolo, chikhalirecho pa pepala ali mbali ziwiri zosiyana.

Chimene chimagwetsa mtengo wonse ndi “amayi anga” yemweyo. Kwa ife amayi aang'ono ndi amayi, ngakhale mkazi wina wa abambo pa mitala ndi amayi. Akakhala amayi aang'ono, mlongo wawo ndi amalume ndithu, yankho silisintha. Koma akakhala amayi opeza, mtsikanayo si wamagazi nkomwe. Choncho ndisanalembe mzere woyamba ndimafunsa kuti, “Amayiwo ndi okuberekani?” Akulu ena funsoli limawakwiyitsa, ndiye ndimalizungulitsa: “Kodi mchombo wanu unagwera pakhomo pa yani?”