Nyama ya pa sikelo si nyama ya m'mbale

Ndimaphikira madalaivala a mathiraki ku Musina, chapafupi ndi boda ya Beitbridge, ndipo funso limene amayi anzanga ongoyamba kumene amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti: mbale ya nsima ya ng'ombe ndigulitse zingati? Ambiri amangoyang'ana mtengo wa mnzawo wa pafupi n'kutsitsako pang'ono. Mwezi ukamatha amadabwa kuti mapoto amatha tsiku lililonse koma mpamba ukucheperachepera.

Inu ochita geni yodutsa maboda mukudziwa kuti mtengo wa katundu si umene munalipira ku Joni. Mumaonjezera thiransipoti, msonkho, ndi makapu amene afika ku Blantyre ataphwanyika. Mbale ya chakudya ndi chimodzimodzi. Nyama imayenda ulendo kuchokera pa sikelo ya kubutchala kukafika m'mbale ya dalaivala, ndipo panjira imatayika kawiri: pa mpeni ndi pamoto.

Tiyeni tiwerengere mphika umodzi. Mitengo ndaika yongoyerekeza kuti masamu ayende bwino. Inu muikemo ya kwanu, kaya ndi makwacha, meticais kapena madola. Tinene kuti mwagula makilogalamu 5 a nyama yokhala ndi mafupa pa R100 kilogalamu imodzi. Mwalipira R500. Mbale iliyonse mumaika magalamu 200 a nyama yakupsa. Munthu wowerengera mwachangu agawa makilogalamu 5 ndi magalamu 200, apeza mbale 25, n'kunena kuti nyama ya mbale imodzi ndi R20. Apa ndi pamene ndalama imayambira kuthawa.

Nyama ija ikasungunuka imatuluka madzi a magazi. Kenako mumachotsa mafuta ochuluka, mitsempha yolimba ndi tizidutswa ta mafupa todulidwa ndi makina. Mukaikanso pa sikelo mutha kupeza makilogalamu 4. Kilogalamu imodzi yapita, koma R500 ija sinachepe.

Pamoto nyama imafota chifukwa madzi ndi mafuta zimatuluka. Nyama yowiritsa mpaka kufewa imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, nthawi zina mocheperako pang'ono. Mu mphika wathuwu tinene kuti makilogalamu 4 aja abwerera pa 2.8. Muyeze nthuli zokha mutazivuula mu msuzi, chifukwa msuzi ungakunamizeni. Gawani magalamu 2,800 ndi 200, mupeza mbale 14, osati 25. Gawani R500 ndi 14: nyama ya mbale imodzi ndi R35.70. Kusiyana kwa R20 ndi R35.70 ndi kumene kumadya mpamba mwakachetechete.

Kuwerengera kotereku kumathandizanso posankha nyama. Wina akubweretserani yotchipa ya R85, koma yodzaza mafuta ndi ayezi. Makilogalamu 5 mwalipira R425, mtima mbee kuti mwapulumutsa R75. Mutasungunula ndi kuchotsa zotaya, patsala makilogalamu 3.2, ndipo itapsa yatsala 2.2. Zimenezo ndi mbale 11, iliyonse pa R38.60. Nyama yotchipa yasanduka yodula kuposa ija ya R100. N'chifukwa chake ine ndikasintha kogula nyama, mphika woyamba ndimauyeza katatu: pogula, nditachotsa zotaya, ndi itapsa. Manambala atatuwo ndimalemba m'kope limodzi ndi dzina la nyamayo.

Nsima ili ndi khalidwe losiyana. Ufa umamwa madzi n'kuchuluka, choncho musayeze nsima yakupsa ayi, yezani ufa. Ngati mbale imodzi imadya magalamu 200 a ufa, thumba la makilogalamu 10 liyenera kutulutsa mbale 50. Koma pali nkhoko zotsalira mumphika, ndi mitanda yozizira madzulo imene dalaivala sangailipire. Werengerani mbale 45. Thumba likakhala la R120, nsima ya mbale imodzi ndi R2.70. Masamba nawo amanamiza maso: mtolo wa repu umaoneka waukulu, koma mukachotsa mapesi olimba ndi masamba achikasu n'kuphika, umatsala pansi pa poto. Tinene kuti masamba a R28 akwanira mbale 14 zija, ndiye R2 pa mbale. Tomato, anyezi, mafuta ophikira, mchere ndi zokometsera za msuzi zikakwana R42 pa mphika, ndi R3 pa mbale.

Tsopano tizinthu timene timati n'taulere: kasaladi ka kabichi pambali, tomato wodula, tsabola, kachidutswa ka ndimu. Kasitomala salipira padera, koma inu munagula. Njira yosavuta ndi kuwerenga zonse zimene mwagulira mbale ya saladi ndi botolo la tsabola tsiku limenelo, n'kugawa ndi mbale zimene mwagulitsa. Tinene kuti zafika R1.60 pa mbale. Ikuoneka yochepa, koma pa mbale 40 patsiku ndi R64, ndipo pa masiku 30 ndi R1,920. Tsabola akakhala pa tebulo kuti aliyense adzitapire, nambalayi imakwera tsiku limene mzere wa mathiraki watalika.

Tiphatikize: nyama R35.70, nsima R2.70, masamba R2, msuzi R3, zapambali R1.60. Chakudya chokha ndi R45. Onjezerani R3 ya gasi kapena makala ndi R2 ya kontena ya dalaivala amene akukadyera m'thiraki, yakwana R50. Amene anawerengera nyama pa R20 n'kuiwala zapambali, gasi ndi kontena amaganiza kuti mbale yake ndi ya R28. Akagulitsa pa R55 amaona ngati akupeza R27, pamene zoona zake akutsala ndi R5, ndipo pa R5 imeneyo sanalipire lendi, madzi, mtsikana wothandiza, kapena thukuta lake lomwe.

Chinthu chomaliza chimene chimagwetsa masamu onsewa ndi dzanja la wopakula. Kasitomala wa masiku onse akamwetulira n'kunena kuti “Mayi, kanthuli kenanso,” dzanja limalemera. Magalamu 200 akafika 250, mphika wa mbale 14 umatulutsa 11, nyama ya mbale imodzi imadutsa R45, ndipo mbale yonse imayandikira R60. Pa mtengo wa R55 ndiye kuti mukumulipira dalaivalayo kuti adye kwa inu. Kuti mudziwe ngati zimenezi zikuchitika, simufunika kuyeza mbale iliyonse. Dulani nthuli zofanana kukula, gwirizanani kuti mbale imalandira zingati, ndipo madzulo yerekezani mbale zogulitsidwa ndi nambala ya m'kope. Mphika wa mbale 14 ukamathera pa 12 masiku atatu otsatizana, mwina nyama yasintha kapena chipande chakula. Basela mupereke ndithu, koma ikhale ya nsima kapena msuzi, zimene sizipweteka thumba.

Zotaya zija nazonso musazitaye zonse. Mafuta mungawasungunule n'kukazingira anyezi, mafupa mungawiritse apereke msuzi wa nyemba. Koma muziwerengere ngati phindu pokhapokha mukaona kuti botolo la mafuta ophikira layambadi kukhalitsa.

Inu madalaivala, mukapeza mbale ya kwa mayi wina yakwera ndi R10, musafulumire kunena kuti wayamba dyera. Mwina wangogula sikelo. Ndipo inu amayi anzanga, sabata ino yezani mphika umodzi wokha katatu, kenako muyang'ane mtengo umene mwalemba pa bolodi lanu.